Mzere umodzi, ntchito imodzi: kusanja BOQ yolembedwa mosiyanasiyana

Tiyerekeze kuti komiti ya sukulu ikufuna kumanga buloko ya makalasi awiri, mamita 18 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi. Makontirakitala atatu abweretsa mapepala awo a mitengo, ndipo msungichuma wawayala patebulo. Pa konkire ya silabu, woyamba walemba K35,000, wachiwiri K340,000. Wapampando akungoti kukamwa yasa, n'kunena kuti wachiwiriyu wabwera kudzaba masana dzuwa likuswa mtengo. Komatu pa awiriwa wotchipa ndi wachiwiriyo. Woyamba wayeza silabuyo m'masikweya mita, wachiwiri m'makiyubiki mita, ndipo palibe amene wayang'ana tizilembo tiwiri tomwe tili pakati pa mawu ndi mtengo.

Pepala lotereli amisiri amangolitchula kuti BOQ. Ndi mndandanda wa ntchito yonse yomanga, yoduladula m'tizigawo, ndipo kachigawo kalikonse kamakhala ndi zinthu zisanu: mawu ofotokoza ntchitoyo, muyezo wake, kuchuluka kwake, mtengo wa muyezo umodzi, ndi ndalama zonse za kachigawoko. Pa ntchito zikuluzikulu, katswiri wowerengetsera ntchito yomanga amalemba BOQ imodzi n'kuipereka kwa onse opikisana kuti aliyense angoikamo mitengo yake. Akatswiriwa ali ndi mabuku a malamulo a kayezedwe. Ku Britain kunatuluka SMM7 mu 1988, kenako bungwe la RICS linatulutsa NRM2 mu 2012, pamene ntchito za misewu ndi milatho zili ndi CESMM, yomwe inayamba mu 1976. M'mabuku a nyumbawa konkire imayezedwa m'makiyubiki mita, khoma m'masikweya mita, zitsulo za m'konkire pa kulemera kwake, ndipo zitseko zimangowerengedwa chimodzichimodzi. Koma pa ntchito za sukulu, za mpingo ndi nyumba za anthu wamba, kontirakitala aliyense amalemba mmene anazolowerera, ndiye wosanja mapepalawo ndi amene amaona zakuda.

Ntchito yake ndi yosandutsa mapepala atatuwa kukhala tebulo limodzi, m'pulogalamu monga Excel, momwe mzere uliwonse ukunena za ntchito imodzi yokha, mwa muyezo umodzi, ndipo ungamveke ngakhale utachotsedwa pakati pa anzake. Ambiri amathamangira kukonza miyezo. Ine ndimayamba ndi mawu, chifukwa ndi kumene kumatayika zambiri mwakachetechete.

Wolemba BOQ sakonda kubwereza mawu. Amaika mutu pamwamba, n'kulemba tizidutswa pansi pake. Pepala la kontirakitala wachitatu likhoza kuoneka chonchi:

```
Concrete 1:3:6
A  In footings          CM   9,6
B  Ditto in steps       CM   0,8
Concrete 1:2:4
C  In 100mm floor slab  CM   14,4
D  Ditto in lintels     CM   1,1
```

Munthu akamawerenga kuchokera pamwamba savutika. Akudziwa kuti A ndi konkire ya m'maziko, yosakaniza muyezo umodzi wa simenti, itatu ya mchenga ndi isanu ndi umodzi ya kwale, ndiponso kuti C ndi konkire yolimbirapo. Koma mzere C pawokha sukunena n'komwe kuti ndi konkire. Tanthauzo lake lili pa mutu womwe uli pamwamba pake. Mawu akuti `Ditto` nawo amangotanthauza kuti "monga pamwambapa", ndiye B ndi D, ngakhale akuyamba ndi liwu limodzi, akuloza konkire ziwiri zosiyana mtengo. Mukangouza kompyuta kuti isanje mizereyi motsata alifabeti, ma `Ditto` onse amakaunjikana malo amodzi ngati nkhuku zothawa mvula, ndipo simudzadziwanso kuti aliyense anali pansi pa mutu uti.

N'chifukwa chake chinthu choyamba, musanasunthe mzere uliwonse, n'kupatsa mzere uliwonse nambala yake yosasintha, pamodzi ndi tsamba lomwe wachokera ndi chilembo chake, monga tsamba 3, mzere C. Chachiwiri n'kutsitsa mutu uja kuti ukhale pa mzere uliwonse wa pansi pake. Mumatsegula danga lapadera la mutu, n'kulembamo `Concrete 1:2:4` pa C ndi pa D pomwe. Kenako `Ditto` aliyense mumamumasula n'kulemba mawu onse amene akuimira. Apa m'pofunika maso a munthu, chifukwa nthawi zina pamalembedwa `Ditto but 150mm thick`, kutanthauza kuti zonse n'zofanana kupatula kuchindikala kwake, ndipo nthawi zina `Ditto` ali pamwamba pa tsamba latsopano, akuloza mzere wotsiriza wa tsamba lapitalo. Tsamba limodzi likasokonekera pofotokopa, mzerewo umatengera mawu a ntchito ina.

Mawu oyambirira aja musawafufute. Asiyeni m'danga lawo monga mmene mwiniwake anawalembera, ndi zolakwika zake zomwe, ndipo zokonza zanu zikhale m'madanga atsopano pambali pake. Tsiku lomwe kontirakitala adzanene kuti sanalembe zimenezo, mudzafuna kumuonetsa.

Mawu akakwanira, mumawang'amba. Chiganizo chimodzi cha BOQ chimanyamula zinthu zingapo nthawi imodzi: gawo la nyumba, mtundu wa ntchito, mphamvu kapena kasakanizidwe ka zipangizo, ndi kukula kwake. Chilichonse mwa izi chipatseni danga lakelake. Pa silabu ija, woyamba analemba `Conc. 1:2:4 in 100mm slab`, wachiwiri `Concrete grade 20 in floor slab`, wachitatu monga taonera. Mawu ndi osiyana, koma akang'ambidwa, onse atatu ali ndi silabu pa gawo la nyumba ndi konkire pa mtundu wa ntchito, ndiye akhoza kuima pamodzi. Chomwe chikutsala n'chakuti danga la mphamvu likusiyana, ndipo kusiyana kumeneku si kwa kalembedwe chabe. Mawu akuti 1:2:4 akuuza mmisiri kasakanizidwe, pamene giredi 20 ikunena za mphamvu yomwe konkireyo iyenera kufika ikayesedwa patatha masiku 28. Amisiri ambiri amazitenga ngati chinthu chimodzi, koma wina akulonjeza kasakanizidwe, wina akulonjeza zotsatira. Wosanja tebulo si amene angaziphatikize. Asiye chilichonse mmene chilili, aike chizindikiro, injiniya adzagamule.

Tsopano miyezo. Sikweya mita imodzi yomweyo mudzaipeza italembedwa `m2`, `m²`, `sqm`, `sq.m`, `SM`. Kiyubiki mita ndi `m3`, `cum`, `cu.m`, `CM`. Mita ya m'litali ndi `m`, `lm`, `rm`. Zowerenga chimodzichimodzi ndi `No`, `Nr`, `pcs`, `ea`. Njira yabwino si kuyenda mzere ndi mzere n'kumasintha pamanja. Mumapanga katebulo kena ka madanga awiri, kumanzere kalembedwe kalikonse komwe mwakapeza, kumanja muyezo umodzi womwe mwasankha, n'kulola Excel kuti izifufuza mmenemo. Ngati muyezo woyambirira uli mu D5, ndipo katebuloko kali pa tsamba lotchedwa `Miyezo`, mizere iwiri iyi ikukwanira, woyamba mu E5, wachiwiri mu F5:

```
=TRIM(SUBSTITUTE(D5,CHAR(160)," "))
=IFERROR(VLOOKUP(E5,Miyezo!A:B,2,FALSE),"ONANI")
```

Woyambawo umachotsa mipata yosaoneka ndi maso, yomwe imabwera kawirikawiri mukakopera kuchokera ku PDF kapena pa intaneti, ndipo imachititsa kuti `m2` awiri ooneka ofanana kompyuta iwaone ngati osiyana. Wachiwiriwo umafufuza muyezo, ndipo ukaupeza kuti mulibe m'katebulo, umalemba kuti ONANI m'malo mongoganizira. Liwu limeneli ndi lofunika kuposa lina lililonse pa tebulo lonse.

Pali miyezo ina yomwe ndimaisiya dala kunja kwa katebuloko kuti izigwera pa ONANI nthawi zonse. Woyamba ndi `CM`. Kwa kontirakitala wathu wachitatu ndi kiyubiki mita, koma kwa wina `cm` ndi sentimita, ndipo `VLOOKUP` sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Mzere wotere uyenera kuwerengedwa ndi munthu: ngati ntchitoyo ndi konkire kapena kukumba, ndi kiyubiki mita ndithu. Msampha wina ndi `m` wopanda kanthu. Kanambala kakang'ono kapamwamba ka pa `m²` kamagwa mosavuta pokopera kapena posikana pepala, ndiye mumapeza pulasitala yalembedwa 290 `m`. Apa chokuthandizani ndi nyumba yomweyo. Khoma lozungulira buloko ya mamita 18 ndi 8 ndi mamita 52, ndipo likatalika mamita 3 likukwana masikweya mita 156 mbali imodzi, 312 mbali zonse ziwiri, tisanachotse mazenera ndi zitseko kapena kuonjezera khoma lapakati. Nambala ya 290 ikugwirizana ndi masikweya mita, ndipo pulasitala ya khoma lathunthu siyezedwa m'litali. Mumakonza, n'kulemba m'danga la ndemanga chifukwa chomwe mwakonzera.

Kusintha kalembedwe ka muyezo n'kosiyana kwambiri ndi kusintha muyezo weniweniwo. Kusandutsa `sqm` kukhala `m2` sikukhudza nambala ina iliyonse. Koma kusandutsa masikweya mita kukhala makiyubiki mita kumasintha kuchuluka ndi mtengo womwe, ndipo kumafuna nambala yachitatu. Tibwerere ku silabu ija, tikukumbukira kuti mitengoyi ndi yachitsanzo chabe. Woyamba analemba masikweya mita 144, omwe ndi 18 kuchulukitsa ndi 8, pa K35,000 iliyonse, zonse pamodzi K5,040,000. Mawu ake akuti silabuyo ndi yochindikala mamilimita 100, omwe ndi mita 0.1. Kuchulukitsa 144 ndi 0.1 kukutipatsa makiyubiki mita 14.4, ofanana ndendende ndi a anzake aja. Tikagawa K5,040,000 ndi 14.4, kiyubiki mita imodzi ikukwana K350,000. Wachiwiri uja, wa K340,000, silabu yake yonse ndi K4,896,000, yomwe ikuchepa ndi K144,000. Taonani kuti ndalama zonse za mzerewo sizinasunthe. Kuchuluka kwachepa kakhumi, mtengo wakwera kakhumi, K5,040,000 ili pomwepo. Mukasintha muyezo n'kuona ndalama zonse zasintha, mwalakwitsa penapake. Mzere wokonzeka ukuoneka chonchi:

```
id | tsamba | gawo   | ntchito | mphamvu | kukula | muyezo | kuchuluka | mtengo | zonse
14 | 3/C    | silabu | konkire | 1:2:4   | 100mm  | m3     | 14.4      | 350000 | 5040000
```

Zitsulo za m'konkire zimasinthika mwanjira yomweyo. Wina walemba matani 0.64 a Y12, wina makilogalamu 640, wachitatu zitsulo 60. Awiri oyambawo n'chimodzimodzi, popeza tani ndi makilogalamu 1,000. Pa wachitatu timagwiritsa ntchito kulemera kodziwika: chitsulo cha mamilimita 12 chimalemera makilogalamu 0.888 pa mita iliyonse. Ngati chitsulo chilichonse ndi cha mamita 12, zitsulo 60 ndi mamita 720, omwe akulemera pafupifupi makilogalamu 639. Zagwirizana. Koma zagwirizana chifukwa tadziwa kutalika kwa chitsulo. Zikanakhala zoduladula za mamita 6, kulemera kukanakhala theka. Palinso kena: wowerenga zitsulo zathunthu amawerenga zomwe akagule kuhadiweya, pamodzi ndi zidutswa zodzatayika podula, pamene woyeza makilogalamu nthawi zambiri amayeza zomwe zidzalowe m'konkire, zotayikazo n'kuziphatikiza mu mtengo. Manambala awo akasiyana pang'ono, si kuti wina wanama.

Ndiye pali mizere yomwe sisinthika ngakhale mutafunitsitsa. Mchenga wolembedwa matiripi 5 sungasanduke makiyubiki mita, chifukwa tiripi ya lole ya matani 3 si tiripi ya tipa. Khoma lomwe wina waliyeza m'masikweya mita, wina n'kungolemba chiwerengero cha njerwa, silingaphatikizidwe mwachangu, pakuti njerwa za pa uvuni zimasiyana kukula malinga ndi chikombole, ndiponso mtengo wa sikweya mita ya khoma umakhala ndi matope a simenti ndi malipiro a mmisiri, pamene mtengo wa njerwa ndi wa njerwa basi. Wina akugulitsa ntchito yomalizika, wina akutchula chipangizo. Mtima umafuna kudzaza danga lililonse kuti tebulo lioneke laudongo, koma nambala yongopeka ikalowa m'tebulo imaoneka chimodzimodzi ndi nambala yoona, ndipo pakatha mwezi ngakhale woilembayo saizindikira. Ngati nambala yosinthira muyezo mulibe m'pepala kapena pa pulani ya nyumba, mzerewo ukhale ndi muyezo wake woyamba, ndipo funso lipite kwa mwini pepala.

Si mzere uliwonse wa ndalama womwe uli ntchito yoyezedwa, choncho ndimaika danga lina lonena mtundu wa mzere. Mizere ya `Item`, `Sum` kapena `LS` ndi ndalama ya mpukutu, yopanda kuchuluka koti muchulukitse. Mumaipatsa kuchuluka kwa 1, mtengo wake n'kukhala ndalama yomweyo. Ya `Provisional Sum` ndi ndalama yongosungira ntchito yomwe sinadziwike bwino kukula kwake, ndipo si mtengo wopikisanirana. Wovuta kwambiri ndi `Extra over`. Ngati kukumba maziko ndi makiyubiki mita 40, pansi pake n'kulembedwa `Extra over for rock` makiyubiki mita 6, sikuti akumba 46. Asanu ndi limodziwo ali kale m'kati mwa 40 aja, ndipo mzerewu ukungoonjezera mtengo chifukwa pamenepo pali thanthwe. Ndalama zake zimalowa m'chiwerengero, koma kuchuluka kwake sikuphatikizidwa ndi kwa mzere wapamwamba.

Manambala nawo ali ndi chinyengo chawo. Kontirakitala wachitatu analemba `14,4`, koma pa pepala la mnzake mpumiro womwewo ukulekanitsa masauzande, monga mu `1,200`. Malinga ndi mmene kompyuta inatcheredwera, `14,4` ikhoza kulowa ngati mawu chabe osati nambala, ndipo `SUM` imadumpha mawu osadandaula. Chizindikiro choyamba n'chakuti nambala yotere imatsamira kumanzere kwa danga pamene anzake ali kumanja, ndipo `ISNUMBER` imakuuzani zoona. Koma musathamangire kuchotsa mipumiro yonse nthawi imodzi, chifukwa 14,4 isanduka 144, yomwe pa buloko yathuyi ikufanana ndi masikweya mita a silabu, ndiye cholakwikacho chidzaoneka ngati cholondola.

Zonse zikatha, tebulo liyenera kudziikira umboni lokha. Pa mzere uliwonse, kuchuluka kuchulukitsa ndi mtengo kufanane ndi ndalama zomwe kontirakitala analemba. Pomwe sizikufanana, mwina ndi inu mwakopera molakwa, mwina ndi iye anaphonya masamu, ndipo ngati ndi iye, musakonze mwakachetechete. Lembani, chifukwa malamulo a mpikisanowo ndi amene amanena chotsatidwa pakati pa mtengo ndi chiwerengero. Kenako ndalama za mizere yonse ziphatikizidwe n'kuyerekeza ndi chiwerengero cha pa tsamba lomaliza la pepala loyambirira, tsamba ndi tsamba ngati n'kotheka.

Kusiyana komwe mungapeze kumaloza kumene kuli vuto. Chiwerengero chanu chikaposa chenicheni kawiri kapena katatu, mwaphatikiza mizere ya `Carried to collection` kapena `Brought forward`, yomwe si ntchito koma ndalama za tsamba lonse zikunyamulidwa kupita kutsogolo. Mizere imeneyi iikidwe chizindikiro m'danga la mtundu n'kusiyidwa kunja kwa masamu. Chikaperewera ndi ndalama yofanana ndendende ndi mzere wina, mzerewo mwaudumpha kapena nambala yake yalowa ngati mawu. Chikaposa ndi ndalama yomwe theka lake likufanana ndi mzere wina, fufuzani mzere wochotsera, wolembedwa `Omit` kapena `Ddt`, womwe mwauonjezera m'malo mouchotsa. Ndipo pali nzeru yakale ya osunga mabuku a ndalama: kusiyanako kukagawika ndi 9 popanda chotsala, kawirikawiri manambala awiri asinthana malo. Wolemba 4,869,000 m'malo mwa 4,896,000 wasiyanitsa ndi 27,000, yomwe ndi 9 kuchulukitsa ndi 3,000.

Pa komiti yathu ija, tebulo likatha, mizere yambiri imaima itatuitatu, ntchito imodzi ndi mitengo yake itatu, moti aliyense angathe kuiwerenga. Imatsala mizere yochepa ya ONANI, ndipo ina imaonekera kuti ili pa mapepala awiri okha. Mwachitsanzo, pulasitiki yoyala pansi pa silabu yotchinga chinyezi ikhoza kupezeka kwa woyamba ndi wachitatu, kwa wachiwiri n'kusowa. Danga lakelo musalembemo ziro, chifukwa ziro akutanthauza kuti adzaiyala mwaulere. Lisiyeni lopanda kanthu, ndipo msungichuma akamuimbira foni amufunse ngati pulasitikiyo ili m'kati mwa K340,000 ija kapena anaiiwala, kuti komiti idziwe ngati kutchipa kwa K144,000 kuja kungatsalepo masikweya mita 144 a pulasitiki akalipiridwa.